Sigima simukumudziwa, sampulo ndi yochepa: z kapena t?

Vutoli limayamba mwakachetechete. Anthu awiri atenga nambala zomwezo, awerengetsa bwinobwino popanda amene waphonya posonkhetsa kapena pogawa, koma wina akuti kusiyana kulipo, mnzake akuti palibe umboni wokwanira. Mukayang'ana pamapepala awo mumapeza kuti zonse n'zofanana mpaka pa mzere womaliza, pomwe wina watsegula tebulo la z, wina la t, matebulo awiri opereka malire ogamulira ngati kusiyana kwa avereji n'kwenikweni kapena n'kwangozi. Pena simufunika n'komwe anthu awiri: mwawerengetsa pamanja p, yomwe ndi mwayi woti kusiyana kotere kutuluke pamene kusiyana kwenikweni kulibe, mwapeza 0.034, mwaika nambala zomwezo pakompyuta yakupatsani 0.072, ndiye mwayamba kukayikira kompyutayo.

Yankho lachidule ndi ili. Funso loyamba si lakuti sampulo ndi yaikulu bwanji ayi. Funso loyamba ndi lakuti nambala yosonyeza kumwazikana kwa miyezo, imene mwaika pansi pogawa, mwaitenga kuti. Ngati mwaiwerengetsa kuchokera m'sampulo yomweyo, imeneyo ndi s, ndipo njira yake ndi t. Ngati munaidziwa kale kuchokera kwina kodalirika, musanayeze kanthu, imeneyo ndi σ, sigima, ndipo njira yake ndi z. Kuchepa kwa sampulo kumangokulitsa chilango cha amene wasankha molakwika.

Tiyeni tione pa nambala zenizeni

Tiyerekeze kuti pali makina odzaza mapaketi, ndipo anatcheredwa kuti aziika magalamu 500 m'paketi iliyonse. Woyang'anira akukayikira kuti makinawo asuntha. Watenga mapaketi 8 mosasankha n'kuwaika pasikelo, wapeza izi:

```
501  507  498  504  509  502  498  505
```

Zonse pamodzi ndi 4024, kugawa ndi 8, avereji ndi 503. Tsopano tione mmene paketi iliyonse yatalikirana ndi 503: yoyamba yatsika ndi 2, yachiwiri yakwera ndi 4, kenako yatsika ndi 5, yakwera ndi 1, yakwera ndi 6, yatsika ndi 1, yatsika ndi 5, yomaliza yakwera ndi 2. Tikachulukitsa mtunda uliwonse ndi mwini wake n'kuphatikiza, tipeza 112. Tigawa 112 ndi 7, osati 8, kupeza 16, ndipo sikweya ruti yake ndi 4. Choncho s ndi magalamu 4. Kenako tipeza SE, yosonyeza kugwedezeka kwa avereji ya sampulo, pogawa s ndi sikweya ruti ya n, chiwerengero cha mapaketi.

```
SE = s / √n = 4 / √8 = 1.414
(503 − 500) / 1.414 = 2.12
```

Mpaka apa wa z ndi wa t akuyenda limodzi. Onse ali ndi 2.12 m'manja. Amasiyana pofunsa kuti 2.12 ndi yaikulu mokwanira kapena ayi. Wa z amati malire a 5 peresenti, poyang'ana mbali zonse ziwiri, ndi 1.96, ndipo 2.12 yawadutsa, ndiye makina asuntha. Wa t amapita pa mzere wa df = 7, kutanthauza mapaketi 8 kuchotsa 1, amapeza malire a 2.365, ndipo 2.12 sinafikepo. Wa z amalemba p ya 0.034, wa t amalemba 0.072.

Mukawerengetsa mpata umene avereji yeniyeni ingakhalemo, pa 95 peresenti, mkangano womwewo umaoneka ndi maso. Wa z amachulukitsa 1.414 ndi 1.96, mpata wake n'kuyambira pa 500.23 kukafika pa 505.77, ndipo 500 yatsala kunja. Wa t amachulukitsa 1.414 ndi 2.365, mpata wake n'kuyambira pa 499.66 kukafika pa 506.34, ndipo 500 ili m'kati, ngakhale ili kumphepete.

Wolondola pano ndi wa t. Nambala 4 ija yatuluka m'mapaketi 8 omwewo, palibe amene anaibweretsa kuchokera kwina.

Chifukwa chake z imanama pamenepa

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa amene wamvetsa gawo lino safunikanso kuloweza lamulo lililonse.

Njira ya z imaganiza kuti pali chinthu chimodzi chokha chimene chikugwedezeka, chomwe ndi avereji ya sampulo. Mukatenga mapaketi ena 8 mawa, avereji idzakhala ina, mwina 501, mwina 504. Koma z imati nambala ya pansi ndi yokhazikika, siisintha ngakhale mutabwereza kuyeza kangati. Zimenezi n'zoona ngati pansipo pali sigima weniweni. Mukaikapo s, zinthu zogwedezeka zimakhala ziwiri, chifukwa s nayonso idzasintha mawa. Mapaketi ena 8 angakupatseni s ya 2.5, ena ya 6, makina ali omwewo.

Anthu ambiri sazindikira kuti s ya sampulo yochepa ndi yosadalirika mpaka pati. Pa chitsanzo chathu, mukafuna mpata wa 95 peresenti wa sigima weniweni, umayambira pafupifupi pa 2.6 kukafika pa 8.1. Tapeza 4, koma sigima akhoza kukhala 8, kuwirikiza kawiri. Akanakhala 8, nambala yathu ya 2.12 ikanatsika kufika pa 1.06, ndipo palibe akanatchula zoti makina asuntha.

Pali chinanso. Pa sampulo yochepa, s imakonda kutsikira pansi pa sigima kuposa kukwera pamwamba pake. Pa miyezo 8, koposa theka la maulendo imatuluka yochepa kuposa sigima. Ikachepa, nambala ya pansi imachepa, ndipo zotsatira za kugawa zimafufuma. Ndiye nambala zazikulu ngati 2.1 kapena 2.5 zimatuluka pafupipafupi kuposa mmene tebulo la z likunenera, ngakhale makina asanasunthe n'komwe. N'chifukwa chake chithunzi cha t chimafanana ndi belu la z koma chili ndi michira yonenepa: chasiyira malo maulendo amene s yachepa mwangozi.

Chilango chake chimawerengeka. Mukagwiritsa ntchito 1.96 pamodzi ndi s pa miyezo 8, mpata umene mukuutcha wa 95 peresenti umagwira avereji yeniyeni maulendo pafupifupi 91 pa 100 aliwonse. Pa miyezo 5 umagwira maulendo pafupifupi 88 okha. Kunena kwina, mwalonjeza kuti mudzaimba mlandu makina osalakwa maulendo 5 pa 100, koma mukuwaimba mlandu maulendo 9, kapena 12. Pa miyezo 30 maulendowo amakhala pafupifupi 6, kusiyana kumene ambiri angakupirire.

Amene anayamba kulongosola zimenezi ndi William Sealy Gosset, yemwe ankagwira ntchito pakampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, komwe zoyesa zake zinkakhala ndi miyezo yowerengeka chabe. Anasindikiza zimene anapeza m'chaka cha 1908 m'magazini ya Biometrika pogwiritsa ntchito dzina lobisalira la Student, ndipo Ronald Fisher ndiye anadzaikonza njirayi kukhala mmene timaigwiritsira ntchito lero, ndi df.

Kunena za df, pa sampulo imodzi imakhala n − 1. Chifukwa chake chili m'mitunda 8 ija: yokwera ndi yotsika ikaphatikizidwa imathetsana kufika pa ziro, chifukwa yayezedwa kuchokera pa avereji yake yomwe. Mukadziwa 7, wa chi 8 mwaudziwa kale. Ndiye miyezo imene ikukuuzani za kumwazikana kwenikweni ndi 7. Malire amatsika df ikamakwera, mofulumira poyamba kenako pang'onopang'ono:

```
df        2      4      7      9      15     29     120    z
malire  4.303  2.776  2.365  2.262  2.131  2.045  1.980  1.960
```

Nanga lamulo la 30 lija?

Ambiri anaphunzira kuti n ikachepera 30 n'za t, ikafika 30 n'za z. Lamuloli ndi limene limasokoneza anthu kwambiri, chifukwa limachititsa kuti ayambe ndi kuwerenga n m'malo mofunsa za sigima. Linali lothandiza pamene anthu ankadalira matebulo a papepala, omwe ambiri amalemba mizere yonse mpaka pa df ya 30 kenako n'kuyamba kudumphadumpha. Pamenepo 2.04 ndi 1.96 zayandikana, ndiye ankati z ingokwanira. Kunali kufupikitsa ntchito basi. Pa 30 palibe chimene chimasintha mwadzidzidzi, ndipo s siisanduka sigima chifukwa mwayeza paketi ya chi 30. Masiku ano kompyuta imapereka malire a t pa df iliyonse, choncho ngati muli ndi s gwiritsani ntchito t, kaya n ndi 8 kaya 800. Pa 800 mayankho awiriwo adzafanana okha, simutaya kanthu.

Mbali inayo ya lamuloli ndi yolakwikanso. Sampulo yochepa payokha siikukakamizani kupita ku t. Sigima akanakhala wodziwikadi kuti ndi magalamu 4, ndipo kulemera kwa mapaketi kukanakhala kotsata belu, z ikanakhala yolondola pa mapaketi 8 omwewo, p ya 0.034 n'kukhala yoona. Nambala zake zofanana ndendende, 503 ndi 4 ndi 8, koma yankho losiyana, chifukwa cha kumene 4 wachokera.

Ngati ndinu wophunzira ndipo buku la kosi yanu likuti z ikadutsa 30, tsatirani zimenezo pamayeso, koma lembani kuti mukuyerekeza sigima ndi s chifukwa sampulo ndi yaikulu. Pansi pa 30, sigima wosadziwika, mabuku onse amagwirizana pa t.

Kodi sigima mukumudziwadi?

Pa funso la m'kalasi yang'anani kumene nambalayo yaikidwa m'chiganizo. Likati “mapaketi 8 anayezedwa ndipo anapezeka ndi avereji ya 503 ndi sitandadi diviyeshoni ya 4”, nambala 4 yapezeka m'kuyezako, ndi s. Likati “zimadziwika kuti makinawa amadzaza ndi sitandadi diviyeshoni ya 4”, nambalayo ndi ya makina, ndi sigima. Likangokupatsani mndandanda wa nambala popanda china, chilichonse chimene muwerengetse ndi s.

Kuntchito zimavuta kuposa pamenepa, chifukwa nthawi zambiri pamapezeka wina wonena kuti “sigima timamudziwa, ali m'fayilo”. Funsani zinthu ziwiri. Choyamba, nambala ya m'fayiloyo inachokera pa miyezo ingati? Ngati ndi mazana kapena zikwi, pa makina omwewo akuyenda mokhazikika, mukhoza kuitenga ngati sigima. Ngati inachokera pa mapaketi 10 amene wina anayeza chaka chatha, imeneyonso ndi s, yangokalamba. Chachiwiri, kodi china chake chasintha kuchokera nthawi imeneyo? Apa ndimaona kuti anthu amadzitsutsa okha. Akuyeza chifukwa akukayikira kuti makina awonongeka, koma akufuna kukhulupirira kuti kumwazikana kwake kudakali monga kunalili makina ali bwino. Chitsulo chimene chatha n'kusuntha avereji chikhoza kukulitsanso kumwazikana. Ngati mukukayika, t ndiyo yotetezeka, chifukwa imayeza kumwazikana kwa lero.

Ndasankha t, koma yankho langa likusiyanabe ndi la anzanga

Zikatere cholakwika chimakhala m'malo ochepa odziwika, ndipo aliwonse ali ndi chizindikiro chake.

Yambani ndi s. Ngati mwapeza 3.74 m'malo mwa 4, mwagawa ndi 8 m'malo mwa 7. Pa kakyuleta izi zimachitika chifukwa imaonetsa nambala ziwiri, imodzi yolembedwa σx kapena σn, ina sx kapena σn−1. Munthu amaona chilembo cha sigima n'kusangalala kuti wamupeza. Sanamupeze. Batani limenelo limangogawa ndi n, likuganiza kuti nambala zimene mwalowetsazo ndiye gulu lonse, palibenso mapaketi ena padziko. Ndi 3.74, nambala yathu imakwera kuchoka pa 2.12 kufika pa 2.27, ndipo amene waphatikiza cholakwachi ndi tebulo la z walakwa kawiri, mbali imodzi yomweyo. Mu Excel, STDEV.S ndiyo yofunika, STDEV.P ndiyo yogawa ndi n. Mu R, sd() imagawa ndi n − 1. Mu Python, np.std() imagawa ndi n pokhapokha mutaiuza ddof=1, ndipo ambiri amagwa pamenepa osadziwa.

Kenako onani mzere wa tebulo. Malire a 2.306 akusonyeza kuti mwawerenga pa df ya 8, mwaiwala kuchotsa 1. Pa chitsanzo chathu chigamulo sichisintha, koma pa miyezo 3 kusiyana kwake ndi 4.303 ndi 3.182, komwe si kochepa.

Cholakwa chimene chimatembenuza chigamulo ndi cha michira. Pa mzere womwewo wa df = 7 pali 1.895 ndi 2.365. Yoyamba ndi ya 5 peresenti yoikidwa yonse kumchira umodzi, yachiwiri ndi ya 5 peresenti yogawidwa pawiri, 2.5 uku 2.5 uko. Matebulo ena amalemba pamwamba pake za mchira umodzi, ena za iwiri, ndiye amene wangoona 0.05 n'kutsika ndi chala akhoza kutola 1.895, n'kunena kuti 2.12 yadutsa. Njira yodziwira ndi kutsika mpaka pa mzere wotsiriza wa tebulo: ngati pansi pake pali 1.960, muli pa michira iwiri. Ngati pali 1.645, muli pa umodzi. Ndipo za mchira umodzi zimasankhidwa musanaone nambala. Woyang'anira wathu anafunsa ngati makina asuntha, sananene kuti asunthira kuti. Kuona 503 kaye, kenako n'kunena kuti “ndimangofuna kudziwa ngati akudzaza mopitirira”, ndi kusintha funso kuti ligwirizane ndi yankho.

Kuti mutsimikize zonse nthawi imodzi, mu Excel kenako mu R:

```
=STDEV.S(A1:A8)        4
=T.INV.2T(0.05,7)      2.365
=T.DIST.2T(2.121,7)    0.072
```

```
x <- c(501,507,498,504,509,502,498,505)
t.test(x, mu = 500)
```

Samalani ndi Z.TEST ya Excel. Mukapanda kuipatsa sigima siikana, imangotenga s ya sampulo yanu n'kuigwiritsa ntchito ngati sigima, ndiponso p imene imapereka ndi ya mchira umodzi. Pa mapaketi athu ingakupatseni pafupifupi 0.017, nambala yokongola yomwe ilibe maziko. Chimodzimodzi CONFIDENCE.NORM ndi CONFIDENCE.T: mukakhala ndi s, yachiwiriyo ndiyo yanu.

Pamene t nayo siingakuthandizeni

Kusankha t kumathetsa vuto limodzi lokha, la s wosadalirika. Njirayi ili ndi zimene imafuna, ndipo sampulo ikachepa imazifuna mwamphamvu. Imaganiza kuti miyezo ikuchokera ku gulu looneka ngati belu, lofanana mbali zonse, ndiponso kuti muyezo uliwonse ndi woima pawokha. Anthu ena amatenga t ngati mankhwala a sampulo iliyonse yochepa. Si choncho. Ngati gulu lapendekera kwambiri mbali imodzi, malire a 2.365 nawonso amakhala olakwika, ndipo kubwerera ku z kumangowonjezera vuto.

Ndi miyezo 8 simungatsimikize kuti gulu ndi la belu. Mayeso a pakompyuta ofufuza zimenezi, monga a Shapiro ndi Wilk, amakhala ofooka pa nambala zochepa chonchi, moti akapanda kudandaula sizitanthauza kuti zonse zili bwino. Chimene mungachite ndi kundandalika nambalazo kuyambira yaing'ono n'kuziyang'ana. Zathu ndi 498, 498, 501, 502, 504, 505, 507, 509. Zafalikira mofanana mbali zonse za 503, palibe yothawa anzake. Onjezani zimene mukudziwa za chinthucho: kulemera kochokera m'makina odzaza nthawi zambiri kumatsata belu, pomwe nthawi yodikira kuti chipangizo chiwonongeke, kapena kuchuluka kwa tizilombo m'madzi, zimakonda kukhala ndi mchira wautali kumanja. Pa zoterezi kudziwa chinthucho kumaposa mayeso alionse.

Taonani zimene nambala imodzi yosochera imachita. Tiyerekeze kuti 509 inalembedwa 529. Avereji imakwera kufika pa 505.5, kutali kwambiri ndi 500, ndiye mungayembekezere kuti umboni wakula. Koma s imalumpha kuchoka pa 4 kufika pa 10, SE n'kukhala 3.54, ndipo t imatsika kufika pa 1.55. Avereji yatalikira, umboni wachepa. Chizindikiro chake ndi chimenechi: s yaikulu modabwitsa poyerekeza ndi mmene nambala zambiri zayandikirana. Mukaona zotere bwererani ku pepala loyambirira. Ngati ndi dzanja linaterereka polemba, konzani. Ngati paketiyo inalemeradi 529, musaichotse mwakachetechete. Mwina ndiyo nkhani yeniyeni, yoti makina amataya mwa apo ndi apo, ndipo funso la avereji silinali loyenera. Perekani mayankho onse awiri, ili m'kati ndi ili kunja.

Pa nambala zopendekera kumanja, kutenga logi ya iliyonse kenako n'kuchita t nthawi zambiri kumawongola zinthu, koma kumbukirani kuti yankho lanu tsopano likunena za kuchulukitsa, osati za magalamu owonjezera. Palinso njira zosadalira belu, monga ya Wilcoxon yogwiritsa ntchito malo a nambala pamndandanda, yomwe imafunabe kuti mbali ziwiri zifanane, ndi ya kungowerenga zokwera ndi zotsika. Yomalizayi siifuna zambiri koma ndi yofooka. Pa mapaketi athu, 6 ali pamwamba pa 500 ndipo 2 ali pansi, p yake n'kukhala 0.29. Pa miyezo 5, ngakhale yonse itagwera mbali imodzi, p siingatsike kuposa 0.0625. Pali malire a zimene nambala zochepa zinganene.

Za kuima pawokha kwa miyezo palibe tebulo lingakonze. Ngati mapaketi 8 aja anatengedwa motsatizana pakamwa pamodzi pa makina, m'mphindi imodzi, adzafanana kwambiri, s idzachepa, ndipo t idzafufuma monga mmene z inachitira. Chimodzimodzi kuyeza paketi imodzi kasanu n'kulemba n = 5: pamenepo mwayeza sikelo, osati makina.

Mafunso ofanana nalo amene amasokeretsa

Mukayeza zinthu zomwezo kawiri, makina asanakonzedwe ndi atakonzedwa, kapena paketi iliyonse pa masikelo awiri, musawerenge ngati magulu awiri osiyana. Chotserani nambala ziwiri za chinthu chilichonse, mutsale ndi mndandanda umodzi wa kusiyana, ndipo chitani t pa umenewo. Mapaketi 8 oyezedwa kawiri ali ndi df ya 7, osati 14 kapena 15. Magulu akakhala osiyanadi, monga makina awiri, njira ikadali t, ndipo ndi bwino kutenga ya Welch, yomwe siiganiza kuti kumwazikana kwa magulu awiriwo n'kofanana. Musadabwe df yake ikatuluka ndi madesimo ngati 11.6, ndi mmene imakhalira, ndipo ndi imene t.test() ya R imachita mukapanda kuiuza zina.

Funso likakhala la gawo, monga mapaketi angati pa 100 ndi operewera, t siilowapo. Kumeneko kumwazikana kumachokera pa gawo lomwelo, palibe s wapadera woyerekeza. Sampulo ikakula amagwiritsa ntchito z, ikachepa amawerengetsa mwachindunji ndi bayinomiyo.

Woyang'anira uja anene chiyani?

Asanene kuti makina ali bwino. P ya 0.072 sikutsimikiza zimenezo, ndipo mpata wa 499.66 mpaka 506.34 ukulola 500 monga mmene ukulolera 506. Zoona zake n'zakuti mapaketi 8 sanathe kugamula, ndipo zimene akuonetsa zikupendekera ku kudzaza mopitirira. Alembe avereji, s, n, df ndi mpatawo, kuti wowerenga aone yekha kukula kwa chikayikiro.

Ngati yankho likufunika, ayezenso, koma asankhiretu chiwerengero. Tinene kuti akufuna kudziwa avereji mosaphonya kuposa magalamu 2 mbali iliyonse, ndipo akuganiza kuti s idzakhalanso pafupi ndi 4. Akawerengetsa ndi 1.96 apeza 15.4, kutanthauza mapaketi 16. Koma pa mapaketi 16 malire a t ndi 2.131 ndipo SE ndi 1, ndiye kuphonya kwake ndi 2.13, kwapitirira. Pa 17 ndi 2.06. Pa 18 malire ndi 2.110, SE ndi 0.943, kuphonya n'kukhala 1.99. Ndiye 18, ndipo popeza s ya 4 ija ndi yosadalirika, kuwonjezera ena angapo si kuwononga. Chimene asachite ndi kuwonjezera paketi imodziimodzi, kuwerengetsa p ulendo uliwonse, n'kuima ikangotsika pansi pa 0.05. Kuchita zimenezo kumakweza mwayi woimba mlandu makina osalakwa kuposa 5 peresenti, ngakhale tebulo limene akugwiritsa ntchito ndi la t. Mapaketi atsopanowo atengedwe pa maola osiyanasiyana, ndipo ngati makinawo ali ndi pakamwa pangapo, atengedwe ponseponse.